Deka anandigwetsa mu mpapaya

"Magaye, wina ku jimu akufuna kundibaya masiteroidi okulitsa minofu, Deka ndi Sasitanoni, kwa masabata 12 kuti thupi likule msanga. Akuti kuchipinda sasokoneza. Alipo anayesapo?"

Achimwene, wakuuzaniyo ndi wabodza, mawu ake ndi omwewo amene anandiuza wondibaya ine uja. Masabata oyambirira ndinali ngati tambala, mashati akuthina, chilakolako chosatha. Sabata lachisanu ndi chiwiri ndikusamba ndinagwira machende, ndinapeza afota, afewa, ngati nthudza. Mawere anayamba kuwawa ndikavala malaya, kunsonga kuli kachotupa kolimba.

Koma zoopsa zinabwera nditamaliza majakisoni. Patatha mwezi, usiku wina madamu asamba, adzola, azimitsa nyale, ine chida chili gone ngati chingwe chonyowa. Tinayesa, tinayesanso, mpaka iwo anatembenukira kukhoma n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo a Junyo, ndi ndani mkaziyo?" Ndinatuluka kukakhala pakhonde mpaka tambala woyamba, ndikulira, chimunthu cha makilo 94. Ngakhale m'mamawa sichinkadzukanso. Gondolosi ndinatafuna mpaka nsagwada kuwawa, osathandiza.

Adokotala ndiwo anandimasulira. Ubongo ukaona kuti m'magazi mwadzaza tesitositeroni wobaya, homoni yachimuna imene ili mu Sasitanoni, umasiya kutumiza mahomoni amene amalamula machende kugwira ntchito. Machende akakhala lova amafota, mbewu ya abambo imachepa, ena imatheratu. Ukasiya kubaya, wogula uja watha, wako sanayambe, umatsala opanda kanthu. Deka ndiye woipitsitsa chifukwa amakhalitsa m'thupi, amapitiriza kutsekereza masabata ambiri utasiya. Mawerewo ndi tesitositeroni wochuluka amene thupi limasandutsa homoni yachikazi. Ine zinanditengera miyezi 9 kuti ndiyambenso kudzuka bwino, mwana wachiwiri tinamudikira pafupifupi zaka ziwiri. Kachotupa kaja kadakalipo.

Wondibaya uja nditamudandaulira anaseka, akuti "ndi maganizo chabe aise, bayanso botolo lina zitheka." Botolo lina! Ndalama zanga anadya, mabotolo ake zilembo zofufutika, sindikudziwa n'komwe chimene ankandithira m'thako. Lero akadali pomwepo, akunyengerera ana a sukulu.

Musayambe, makamaka ngati simunabereke. Idyani mazira, soya, usipa, nyamulani zitsulo basi. Ufa wa pulotini ndi kiriyetini si masiteroidi, koma zamapilisi zopanda dzina zolonjeza minofu m'masabata awiri zithaweni, zina amathiramo masiteroidi mobisa. Komabe sindinama, thupi lija ndimalisowa, zithunzi zake sindinafufute. Ndiye ngati mwatsimikiza mtima, kayezetseni kaye tesitositeroni m'mamawa, ndi umuna womwe, musanabaye ngakhale kamodzi, kuti zikavuta adokotala adziwe pamene munali. Ndipo madamu auzeni lero, asadzayambe kufufuza m'foni mwanu ngati anga.