Sitima ya mbendera ya Panama padoko la Durban: dandaulo lipite kwa yani?

Funso: Ndimagwira ntchito ku injini m'sitima yonyamula katundu ya mbendera ya Panama. Pampu yozimitsira moto inafa kalekale, injini ya bwato lopulumukira siyaka, ndipo tatha miyezi itatu osalandira. Sabata yamawa tifika ku Durban. Akaputeni akuti a kumeneko alibe mphamvu pa ife chifukwa sitima si yawo. Zoona?

Yankho: Bambo, akaputeni anu anena zoona theka. Gawo 94 la pangano la malamulo a panyanja la 1982 limati dziko limene sitima yalembetsako ndilo liyenera kuonetsetsa kuti ndi yolimba, ili ndi antchito oyenera, ndipo akusamalidwa. Ziphaso zikuluzikulu za sitima yanu zimatuluka m'dzina la Panama. Koma sitima ikalowa padoko la eni, eni akewo ali ndi mphamvu yoiyendera, ndi yoiletsa kunyamuka ngati ili yoopsa. Ku South Africa ntchito imeneyi ndi ya bungwe la SAMSA loona za chitetezo cha panyanja, motsatira pangano la SOLAS, loteteza moyo panyanja, ndi la MLC la 2006, la ufulu wa antchito a m'sitima.

Pamene ndaona madandaulo akufera ndi apa. Woyendera akakwera sayamba ndi kufufuza paliponse. Amakhala mu ofesi ya kaputeni, kuona ziphaso, kenako kuzungulira pang'ono. Ziphaso zikakhala zabwino, lamulo limati azikhulupirire, pokhapokha pali chifukwa chooneka choti zolembedwazo sizikugwirizana ndi zimene zili m'sitima. Dandaulo la wantchito limatsegula khomo limenelo, koma kawirikawiri woyendera amafufuza zokhazo zimene zatchulidwa m'dandaulomo. Mukalemba kuti "tikuvutika, sitima ndi yoola", simunamupatse chenicheni choti afufuze. Ndipo si sitima iliyonse yofika imene imayenderedwa, amasankha.

Ndinathandizapo anyamata ena amene anadikira woyendera atakwera, n'kumangomuyang'ana, aliyense kuyembekezera mnzake ayambe. Anatsika atalemba tizolakwa tiwiri, sitima n'kunyamuka usiku womwewo. Anandiimbira ali pakati pa nyanja. Mphamvu ya doko inali itathera pomwepo, ndipo chimene chinatsala ndi kulembera dziko la mbendera, makalata amene ena amayankhidwa munthu atafika kale kwawo. Zimandipweteka mpaka lero.

Tsono lemberani a SAMSA musanafike, ndipo tchulani zinthu zoti munthu angaziyese ndi manja: pampu yapadera yozimitsira moto siikoka madzi kuyambira tsiku lakuti, injini ya bwato lakumanja siyaka, malipiro a miyezi yakutiyakuti sanalowe. Woyendera akawerenga zotere amatha kungonena kuti yatsani pampu, tsegulani mapaipi awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Madzi akapanda kutuluka, chiphaso sichingayankhe.

Pa lipoti lake, cholakwa chilichonse chimapatsidwa nambala. 16 ndiye kuti konzani m'masiku 14, 17 konzani musananyamuke, 30 sitima yaimitsidwa. Pampu ndi bwato ndi zolakwa zimene nthawi zambiri zimaimitsa sitima, komabe sindingakulonjezeni. Woyendera amaweruza yekha, ndipo amadziwa kuti mwini sitima yoimitsidwa popanda chifukwa angafune chipukuta misozi. Nthawi zina amailola kupita kudoko lapafupi kokakonzedwa. Akaiimitsa, amadziwitsa dziko la mbendera.

Musasokoneze kuimitsa sitima ndi kulandira ndalama zanu. Kusalipira kobwerezabwereza kungaimitsitse sitima pansi pa MLC, koma woyendera si khoti. Kuti sitima igwidwe ngati chikole cha malipiro pamafunika loya ndi khoti lalikulu, motsatira lamulo la South Africa la milandu ya panyanja la 1983. Njira yachidule ndi inshuwalansi: kuyambira 2017, wantchito amene mwini sitima wamutaya, kuphatikizapo kusamulipira miyezi iwiri, angapemphe malipiro ofika miyezi inayi ndi tikiti yobwerera kwawo. Chiphaso chake chimayenera kupachikidwa poonekera m'sitima. Chijambuleni lero.

Musasaine pepala loti mwalandira ndalama zimene simunalandire, ngakhale ajenti akulonjezeni kuti zilowa mawa. Pepala limenelo ndilo adzaonetse woyendera. Sungani kontirakiti, masilipi ndi zithunzi za pampu mufoni yanu, ndipo tumizani makope kunyumba. Lembaninso dandaulo la m'sitima, chifukwa woyendera angafunse ngati munayesa njira imeneyo, ngakhale muli ndi ufulu wopita kwa iye mwachindunji. Pemphani kuti dzina lanu lisatchulidwe; MLC imalamula chinsinsi, koma m'sitima ya anthu makumi awiri anthu amaganizirana, choncho ndi bwino musaine angapo. Tumizani kope kwa woyendera wa ITF, mgwirizano wa mabungwe a antchito a zamtengatenga padziko lonse. Ndipo achibale akakuuzani kuti ingothawani mukafika kumtunda, musamvere: mukhala m'dziko la eni opanda chilolezo, kampani n'kunena kuti munathawa ntchito.