Ndalama zinatengedwa, koma ndi yani?

"Abale, andisankha kukhala mlembi wa gulu lathu la maliro kuno ku Joni. Polemba zokambirana, ndizilemba kuti 'ndalama zinaperekedwa' kapena 'a tcheya anapereka ndalama'? Ena akuti yoyambayo ndiye yaulemu. Nanga amatembenuza bwanji?"

Achemwali, ulemu umenewo ndi umene unandigonetsa ndi njala masiku awiri. Ine ndinali msungichuma wa gulu lathu ku Rosettenville. Mnzathu wina atamwalira, a tcheya anabwera kwanga usiku n'kutenga marandi 6,000, ati akaonjezere pa galimoto yonyamula maliro kupita ku Mangochi. Mlembi analipo, anaona ndi maso ake. Koma m'buku analemba kuti "Marandi 6,000 anatengedwa m'thumba la gulu." Basi, mpumiro.

Patatha miyezi itatu tili pa msonkhano mu garaja ya mnzathu, anthu odzaza mpaka pakhomo, mlembi anawerenga mzere umenewo. Kunangoti zii. Mayi wina amene ndimapemphera naye anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Anatengedwa ndi yani, poti thumba limakhala kwa inu?" Manja anga ananjenjemera, kope la malisiti linagwa pansi. A tcheya anali pomwepo, maso pa foni, osayankhula kanthu. Munthu wamkulu, wa imvi zake! Pa ndalamazo ya galimoto inali 4,000 yokha, inayo mpaka lero. Ndipo mlembi uja anadziwa chimene ankachita, anaopa kutchula bwana n'kusiya ine pamoto. Ndinabweza 2,000 ya m'thumba mwanga, ya ganyu yochapa ndi kusita, kuti dzina langa liyere.

Kutembenuzako sikovuta. Tengani "A tcheya anatenga ndalama." Chimene chachitidwacho, ndalama, chibwere kutsogolo. Mneni agwirizane nacho, ndiye "ana-" asanduka "zina-". Kumapeto kwa mneni muike -edwa kapena -idwa, wochitayo abwere pambuyo pa "ndi": "Ndalama zinatengedwa ndi a tcheya." Khutu likuuzani kale, koma lamulo lake ndi lakuti lembo la liwu lomaliza m'tsinde likakhala e kapena o mumati -edwa, monga lembedwa, perekedwa, omboledwa. Likakhala a, i kapena u mumati -idwa, monga gulidwa, tumizidwa, landiridwa. Aneni aafupi aja amatenga -edwa: kuba, bedwa, kudya, dyedwa.

Pobwerera, funsani chiganizocho kuti "ndi yani?" Yankholo muliike kutsogolo, muchotse -idwa uja, mneni agwirizane ndi wochitayo. Chikakanika kuyankha, dziwani kuti mwabisa munthu, ndipo pa nkhani ya ndalama musatseke buku musanamupeze. Samalaninso ndi "ndi" ameneyu, amapusitsa. "Bokosi linagulidwa ndi ndalama za gulu" sizikutanthauza kuti ndalama zinapita zokha kukagula bokosi. Wogulayo sanatchulidwebe.

Choopsa kwambiri ndi -ika ndi -eka. "Ndalama zinaonongeka", "lisiti linang'ambika". Apa ndiye ngati zinangochitika zokha, simungaikepo n'komwe "ndi uje". "Zinaonongedwa" imavomera kuti pali dzanja la munthu, "zinaonongeka" imafufuta dzanjalo.

Ngati mukufuna ndalama zikhalebe kutsogolo poti nkhani ndi ya ndalamazo, Chichewa chathu chili ndi njira yake: "Ndalamazo anazitenga a tcheya." Imamveka bwino powerenga pagulu kuposa "zinatengedwa ndi", ndipo dzina lilipo. Mlembi uja akanalemba choncho bwenzi ine ndisakulemba zonsezi.

Komabe musachite kuthawa -idwa paliponse. Pamene wochitayo alibe ntchito, ndi amene amakoma: "Thupi linanyamulidwa Lachinayi, linaikidwa m'manda Lamlungu." Palibe amene akufuna mndandanda wa onyamula bokosi, mtima wa aliyense uli pa malemuyo. Ndipo wina akalephera kusonkha mwezi umenewo, chonde musamutchule m'buku lowerengedwa pagulu. Lembani kuti "Zopereka za anthu atatu sizinalandiridwe", mayinawo akhale kwa msungichuma. Ntchito kuno imatha osatsanzika, lendi sidikira, ndipo ine ndikudziwa mmene zimawawira anthu onse akakutembenukira mu garaja. Ngakhale a tcheya anu atakupemphani kuti zina muzilembe mofewa poti ndi akulu, nthawi zina mudzatero kuti gulu lisapasuke, koma lisiti asainire ndi dzanja lawo ndalama zisanatuluke m'nyumba mwa msungichuma.