Chifuwa chakula mutasiya fodya? Musabwerere ku ndudu

"Abale, ndili ndi zaka 47 ndipo ndasuta kwa zaka 25, ndudu 15 patsiku. Ndinasiya masabata atatu apitawo koma ndikutsokomola kuposa kale, tulonso sitikubwera. Kodi pa msinkhu wangawu pali chimene ndingapindule, kapena ndizingosuta ziwiri patsiku kuti thupi likhazikike?"

Achimwene, ndudu ziwirizo musaziyambe, chonde. Ndimagwira ntchito kuchipatala, ndipo sabata yachitatuyi ndi imene ndaona anthu ambiri akubwerera m'mbuyo, chifukwa zowawa za kusiya zimamveka pomwe phindu lake silimveka. Komatu phindulo linayamba kale.

Linayamba tsiku lomwelo munazimitsa ndudu yomaliza. Nikotini imathamangitsa mtima ndi kufinya mitsempha ya magazi, koma sichedwa m'thupi: pa maola awiri aliwonse, theka la imene ili m'magazi limachoka. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pakangotha mphindi 20, kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi kumayamba kutsika. Izi mungadzionere nokha. Mawa m'mawa musanamwe tiyi, khalani pansi mphindi zisanu, gwirani mtsempha wa pamkono kumunsi kwa chala chachikulu, muwerenge kugunda kwa masekondi 30 ndi kuchulukitsa kawiri. Mtima wa munthu wamkulu amene akupuma umagunda pakati pa 60 ndi 100 pamphindi. Ngati m'buku lanu lakuchipatala analembamo kagundidwe ka mtima ndi BP nthawi imene munkasuta, yerekezani.

Chinanso chimene chinachoka tsiku loyamba ndi mpweya wapoizoni wa mu utsi, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula yamakala m'chipinda chotseka. Mpweyawu umakakamira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino kopitirira maulendo 200, choncho wosuta amayenda ndi magazi amene gawo lina silikunyamula mpweya wabwino. Pakatha maola 12 osasuta, umatsika kufika pa mlingo wa munthu wosasuta. Inu munadutsa kale pamenepo.

Tsopano za chifuwacho. M'njira za mpweya muli timaubweya tating'onoting'ono timene ntchito yake n'kusesa makhololo ndi fumbi kupita kukhosi. Utsi umatifooketsa, ndiye kwa zaka 25 zinyalala zinkangotsakamira. Mutasiya, tayambanso kusesa, ndipo zimene tikutulutsazo ndi zimene mukutsokomola. Kwa ambiri zimatenga masabata angapo, kwa ena miyezi. Pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 9, kutsokomola ndi befu zimachepa. Muyese ndi chitunda chimodzi chimene mumakwera tsiku ndi tsiku: lero mukuima kangati, ndipo pakatha miyezi itatu mudzaima kangati.

Koma pano ndikupempheni chinthu chimodzi, ndipo musachinyalanyaze. Kwathu kuno chifuwa chopitirira masabata awiri sitimangochiyang'ana, makamaka kwa munthu amene wasuta nthawi yaitali, chifukwa fodya amawonjezera chiopsezo cha TB. Pitani kuchipatala chapafupi akayeze makhololo; m'zipatala za boma kuyeza TB n'kwaulere. Ngati mukutuluka thukuta usiku, mukutentha thupi, mukuonda osadziwa chifukwa, mawu asasa kwa masabata, kapena mwaona magazi m'makhololo ngakhale kadontho, musadikire n'komwe. Zimenezo si thupi kudziyeretsa ayi. Akapeza kuti mulibe kanthu, mudzatsokomola mtima uli m'malo.

Za tulo, chibaba cha nikotini chimafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako chimazilala m'masabata awiri mpaka anayi, ndiye mwatsala pang'ono kuwoloka. Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuphwanya msanga kafini wa mu tiyi ndi khofi. Mukasiya, kapu yomweyo imakhalitsa m'thupi. Ngati mumamwa tiyi wa masamba ambiri madzulo, mudule pakati ndipo womaliza akhale wa masana. Ngati pali mankhwala amene mumamwa tsiku lililonse, auzeni adokotala kuti mwasiya fodya, chifukwa ena mlingo wake umafunika kuunikanso.

Funso lanu lenileni ndi la msinkhu, ndiye tiyeni tiwerengere inuyo. Mukadzafika zaka 48 musanakhudze ndudu, chiopsezo chanu cha matenda a mitsempha ya mtima chidzakhala pafupifupi theka la cha munthu amene akusutabe. Cha sitiroko chimatsika n'kufanana ndi cha wosasuta pakati pa zaka 5 ndi 15. Mukadzafika zaka 62, mtima wanu udzakhala pa chiopsezo chofanana ndi cha amene sanasutepo.

Khansa ya m'mapapo ndiyo imachedwa, ndipo sindikubisirani. Mtima umapepukidwa msanga chifukwa zambiri zimene fodya amauchita, monga kufinya mitsempha ndi kuchititsa magazi kuundana mosavuta, zimasiya utsi ukasiya. Khansa imachokera ku kuwonongeka kwa maselo kumene kwaunjikana zaka zonsezi, ndipo zimenezo sizifufutika ndi mwezi umodzi. Pamafunika zaka 10 kuti chiopsezo chitsike kufika pafupifupi theka la cha wosuta, kutanthauza kuti kwa inu ndi pa zaka 57. Mawu oti theka muwamvetse bwino. Wosuta ali pa chiopsezo choposa cha wosasuta maulendo 15 mpaka 30. Tinene kuti chanu ndi 20. Theka lake ndi 10, chomwe chikadali chokwera. Chimapitiriza kutsika zaka zikamapita, koma sichifika pa cha munthu amene sanasutepo. N'chimodzimodzi ndi timatumba ta mpweya ta m'mapapo: timene tinaphulika sitimeranso, koma kusiya kumachepetsa liwiro limene totsalato tikuwonongekera. Ndiye ngakhale patapita zaka, chifuwa chachilendo muzikayezetsa ndipo muzinena kuti munasutapo.

Kodi pamenepa phindu lilipo? Ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anayamba mu 1951 kutsatira madokotala zikwizikwi, ndipo zotsatira za zaka 50 zinatuluka mu 2004. Amene anasuta moyo wawo wonse ankafa msanga ndi zaka pafupifupi 10. Osiya ali ndi zaka 40 anapulumutsa pafupifupi zaka 9 mwa zimenezo, osiya pa 50 zaka 6, osiya pa 60 zaka 3. Inu muli pakati pa 9 ndi 6. Zimenezo ndi zaka zoona mwana wa sitandade 5 akulemba mayeso a Fomu 4.

Ndudu ziwiri patsiku n'zimene zingakulandeni zaka zimenezi. Masamu a mtima sayenda ngati a kugolosale, kuti ndudu zikachepa chiopsezo chichepenso mofanana. Kafukufuku wamkulu wa mu 2018 anapeza kuti ndudu imodzi yokha patsiku imabweretsa pafupifupi theka la chiopsezo chowonjezera cha matenda a mtima chimene wosuta ndudu 20 amakhala nacho. Komanso ziwirizo zimadzutsa chibaba chimene mwachigonetsa ndi misozi masabata atatu, ndipo ambiri amene ndawaona akuyesa njirayi, pomatha mwezi amakhala atabwerera pa paketi. Chingambwe kapena fodya wamphuno musasinthirekonso, si pothawira.

Chibaba chikabwera chimakhala mphindi zochepa n'kupita. Imwani madzi, tulukani panja muyende, tafunani nzimbe kapena chimanga chokazinga. Njala ichuluka ndipo thupi likhoza kuwonjezera makilo anayi kapena asanu m'chaka choyamba; zimenezo zisakuopseni, n'zazing'ono poyerekeza ndi ndudu 5,475 zimene munkasuta pachaka. Mukakayezetsa makhololo, mukapemphenso akuyezeni BP, mulembe nambalayo ndi tsiku lake, ndipo mudzatiuze muno mmene mwayendera.