Kalendala yofunsira malo kuyunivesite yakunja imawerengedwa chobwerera m'mbuyo

"Moni achimwene. Ndikufuna kukachita digiri yachiwiri ku Briteni kuyambira mu Seputembala 2027, ndipo popanda sikolashipu sindingakwanitse. Mayeso a Chingerezi a IELTS ndinalemba mu Juni 2025, ndinapeza 6.5 koma mbali yolemba ndinapeza 5.5. Pano ndi Malichi 2026. Anzanga akuti nthawi ikadalipo yambiri, ndidzayambe chaka chamawa. Kodi ndiyambe liti, ndipo ndiyambire pati?"

Achemwali, zikomo pondilembera. Anzanuwo akuyang'ana tsiku lotsegulira sukulu, koma tsiku limene lingakutsekereni khomo si limenelo ayi. Ndi tsiku limene eni sikolashipu amasiya kulandira mafomu, ndipo limafika kutatsala pafupifupi chaka chathunthu kuti mukalowe m'kalasi. Mukadikira Januwale 2027 mudzapeza mayunivesite ambiri akulandirabe anthu, mwinanso malo adzakupatsani, koma ndalama zidzakhala zitapita kale ndi ena.

Titenge Chevening, sikolashipu ya boma la Briteni ya digiri yachiwiri ya chaka chimodzi. Mafomu amatsegulidwa mu Ogasiti, ndipo zaka zaposachedwapa akhala akutseka mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala. Choncho amene akufuna kukayamba mu Seputembala 2027 ayenera kukhala atatumiza zonse pofika cha mu Okutobala 2026. Kuchokera lero ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha. Eni ake amafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito maola osachepera 2,800, omwe ndi pafupifupi zaka ziwiri, musankhe makosi atatu, ndipo mulembe nkhani zofotokoza utsogoleri wanu ndi zimene mudzachite mukabwerera kwanu. Osankhidwa amaitanidwa kukafunsidwa mafunso cha mu Malichi ndi Epulo, zotsatira zimatuluka cha mu Juni, ndipo mu Julayi amafuna kalata yochokera ku imodzi mwa mayunivesite atatu aja yonena kuti yakulandirani popanda chotsalira chilichonse. Nawo mayunivesite a Oxford ndi Cambridge amatsekera ofuna thandizo la ndalama mu Disembala kapena Januwale, malinga ndi kosi. Masiku enieni amasintha chaka ndi chaka, ndiye mafomu akangotsegulidwa, koperani tsikulo m'kope mwanu pamodzi ndi ola lake, chifukwa ola lotsekera amawerengera nthawi yakwawo.

Musanalembe chilichonse pa kalendala, gawani mapepala anu m'magulu awiri. Pali mapepala amene amachedwa kutuluka koma akatuluka satha mphamvu: setifiketi ya digiri ndi thiransikiripiti, chikalata chija chosonyeza magiredi a phunziro lililonse. Pasipoti nayo tiiike kuno, popeza imakhala zaka zambiri. Ndiye pali ena amene amapezeka msanga koma amatha mphamvu msanganso, monga setifiketi ya kuchipatala ndi sitetimenti ya kubanki. Oyambawo muwathamangire panopa. Enawo mukawatenga msanga mwataya ndalama. Anthu ambiri amene ndawaona akuvutika anatembenuza dongosololi: anafulumira ndi zofunika kudikira, n'kuzengereza ndi zofunika kufulumira.

Nkhani ya IELTS yanu ija ili ndi mavuto awiri, ndipo lililonse palokha n'lokwanira kuti mulembenso. Zotsatira za mayesowa zimalandiridwa kwa zaka ziwiri, ndiye zanu zitha mphamvu mu Juni 2027. Umenewo ndi mwezi womwewo umene yunivesite idzakhale ikukonza mapepala anu a viza, ndipo mayunivesite ambiri amafuna kuti zotsatira zikhale zamphamvu mpaka tsiku loyamba maphunziro. Vuto lachiwiri ndi 5.5 uja. Makosi ambiri a digiri yachiwiri amafuna 6.5 pamodzi, koma amawonjezera kuti pa mbali zinayi zija, kumva, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, pasakhale yotsika kuposa 6.0. Mawu owonjezerawa amakhala m'munsi mwa tsamba, ndipo ndi amene amagwetsa anthu. Makosi a zamalamulo ndi ena olemba kwambiri kawirikawiri amafuna 7.0.

Ine ndikanakhala inu ndikanalemba mu Juni kapena Julayi 2026. Zotsatirazo zidzakhala zamphamvu mpaka pakati pa 2028, ndiye palibe chodetsa nkhawa. Mukalembera pa kompyuta zimatuluka m'masiku owerengeka. Palinso mwayi wotchedwa One Skill Retake, wolola munthu amene analembera pa kompyuta kubwereza mbali imodzi yokha masiku 60 asanathe, ngakhale si mayunivesite onse amene amavomera zimenezi, ndiye funsani kaye musanalipire. N'zoona kuti mutha kufunsira malo mulibe IELTS, iwo n'kukulandirani ndi chotsalira chakuti mudzatumize zotsatira pambuyo pake. Koma sindikulangizani njira imeneyo. Kukweza mbali yolemba kuchoka pa 5.5 kufika pa 6.0 kumafuna masabata ambiri olemba tsiku ndi tsiku, ndi munthu wokuchongerani. Simungazichite bwino mu Ogasiti pamene mutu wanu uli pa nkhani za sikolashipu, ndipo simungafune kuzichita mu Meyi 2027 mtima uli m'mwamba.

Mwezi uno ndi wamawa, pitani kumene munaphunzira mukapemphe thiransikiripiti. Ikatuluka, iyaleni patebulo pambali pa setifiketi ndi pasipoti, muwerenge dzina lanu chilembo ndi chilembo, tsiku lobadwanso chimodzimodzi. Izi ndikunena chifukwa zinandichitikira. Yanga nditailandira ndinangoiponya m'envulopu osaiyang'ana, ndipo ndinadzazindikira usiku ndikuijambula kuti nditumize kuti dzina la bambo anga linali ndi chilembo chimodzi chosiyana ndi cha m'pasipoti. Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti atseke. Munthu wosaina anali patchuthi, ndipo chaka chimenecho chinandidutsa. Kukonza cholakwika chotere kumafuna kalata yochokera kusukulu kapena chikalata cholumbirira kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Mu Epulo imeneyi ndi nkhani yaing'ono. Mu Okutobala ndi misozi. Onaninso kuti pasipoti yanu itha liti. Ngati ikutha chaka chamawa, konzani yatsopano panopa, chifukwa nambala yake idzalowa m'mapepala a yunivesite, ndipo kuisintha pakatikati kumachedwetsa zonse.

Anthu awiri okuchitirani umboni, kawirikawiri mphunzitsi wanu wakale ndi abwana a kuntchito, alankhuleni mu Julayi. Apatseni mbiri yanu ya maphunziro ndi ntchito, maina a makosi, ndi tsiku limene mukufuna kalata, lomwe likhale masabata awiri lisanafike lenilenilo. Mayunivesite ambiri amawatumizira imelo yokhala ndi polowera kuti aike okha kalatayo, ndipo imelo imeneyi imakonda kugwera m'bokosi la zinyalala. Auzeni aziyang'ananso kumeneko. Mayunivesite ena safuna adiresi ya imelo yawamba, amafuna ya kuntchito kwa munthuyo.

Kufunsira Chevening si kufunsira malo a sukulu. Ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo yachiwiriyi muichite pakati pa Okutobala 2026 ndi Januwale 2027. Mayunivesite ambiri a ku Briteni amayankha ofunsira digiri yachiwiri mmene mafomu akufikira, ndiye kosi yotchuka itha kudzaza tsiku lotsekera lisanakwane. Ngati phunziro lanu ndi la sayansi kapena uinjiniya, yang'anani ngati likufuna chilolezo cha ATAS, chimene boma la Briteni limapereka kwa ophunzira akunja a maphunziro ena otere, chomwe chimatenga masabata angapo ndipo chimachedwa kwambiri pakati pa chaka.

Tsopano tifike pa miyezi yomaliza, pomwe pamafunika kuwerenga masiku ndi zala. Tiyerekeze kuti kosi yanu ikuyamba pa 20 Seputembala 2027. Viza ya wophunzira mutha kuifunsira kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, koma simungaifunsire mulibe CAS, nambala imene yunivesite imapereka mukakwaniritsa zonse zimene inakuuzani. Nayo imagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ambiri amailandira pakati pa Juni ndi Ogasiti. Yankho la viza limabwera pakatha pafupifupi masabata atatu, koma Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi imene aliyense amafunsira, choncho dzipatseni masabata asanu ndi limodzi. Tikawerenga chobwerera, mafomu a viza achoke m'manja mwanu Julayi asanathe.

Sikolashipu yolipira zonse ikapezeka, kalata yake ndi imene imakhala umboni wa ndalama. Koma ikakhala yolipira gawo chabe, kapena achibale akuthandizani, lamulo la masiku 28 likukhudzani. Fizi ya chaka choyamba imene simunalipire, kuphatikiza ndalama zokhalira za miyezi isanu ndi inayi, ziyenera kukhala muakaunti masiku 28 otsatizana, ndipo tsiku lomaliza pa sitetimenti lisatalikirane ndi tsiku lofunsira viza kuposa masiku 31. Mukaika ndalama pa 1 Juni, masiku 28 akwana pa 28 Juni, ndipo sitetimenti yotsekera tsiku limenelo idzakugwirirani ntchito mpaka cha kumapeto kwa Julayi. Ndalama zikangotsika pansi pa mlingo wofunikawo ngakhale tsiku limodzi, kaya chifukwa banki yadula zake za pamwezi, kuwerenga kumayambiranso pa tsiku loyamba. N'chifukwa chake muikemo zoposerapo, makamaka ngati akaunti yanu si ya mapaundi, popeza amasinthira pa mtengo wa tsiku limene mwafunsira viza, osati tsiku limene munaika ndalama.

Setifiketi ya chifuwa chachikulu imafunika kwa anthu okhala m'maiko amene ali pa mndandanda wa boma la Briteni, ndipo imalandiridwa ikachokera kuchipatala chimene iwo anavomereza basi. Mphamvu yake ndi miyezi isanu ndi umodzi kuchokera tsiku lokujambulani pachifuwa. Amene wajambulitsa mu Januwale, yake idzatha mu Julayi, mwina CAS isanabwere n'komwe. Koma kuchedwa nakonso n'koopsa: chithunzi chikaonetsa chokayikitsa amapempha makhololo, ndipo zotsatira zake zimatha kutenga masabata asanu ndi atatu. Masabata asanu ndi atatu kuchokera pa 1 Ogasiti akufikitsani kumapeto kwa Seputembala, anzanu atayamba kale. Kuchokera pakati pa Meyi akufikitsani pakati pa Julayi, nthawi ikadalipo. Ndiye kujambulitsa muike mu Meyi, ngakhale zotsatira za sikolashipu zisanatuluke, ngati thumba lilola.

Tikiti ya ndege musagule viza isanatuluke. Ikatuluka amakulolani kulowa m'dzikolo kutatsala mwezi umodzi kuti kosi iyambe, ndiye kwa inu ndi cha pa 20 Ogasiti kupita m'tsogolo, malinga ndi tsiku limene alemba pa viza yanuyo. Koma zonsezo ndi za chaka chamawa. Sabata ino tsegulani masamba a makosi atatu amene mukuwalakalaka, muone mlingo wa IELTS umene iliyonse ikufuna pa mbali yolemba, ndipo mundilembere zimene mwapeza kuti tisankhire limodzi tsiku la mayeso.