Makina akalemba "milandu" pamene lipoti likunena odwala

"Bambo, ndimagwira ntchito ku bungwe lina laling'ono kuno ku Lusaka. Abwana andipatsa lipoti la masamba 18 lonena za madzi ndi kolera m'makomboni. Analimasulira kale ndi makina, akuti ine ndingosalaza Chinyanja chake. Koma muli ziganizo ngati ichi: 'Milandu 40 yotsimikizika inanenedwa kumene tebulo la madzi ndi lalitali.' Ndiyambire pati? Ndine mayi wa ku Matero."

Mayi, yambani ndi kuika pambali zimene makinawo alemba. Tengani lipoti lachingerezi lija, muliwerenge lonse muli ndi cholembera m'manja, mukulemba mzere kunsi kwa mawu alionse a zaumoyo ndi za madzi amene akubwerezedwa. Mawu amenewa mupangane nawo kaye musanakhudze chiganizo ngakhale chimodzi. Chifukwa chake chili m'chiganizo mwanditumizirachi.

M'Chingerezi mawu amodzi omwewo, akuti "case", amatchula nkhani ya kukhoti komanso munthu amene wapezeka ndi matenda. Makina anatola ya kukhoti. M'lipoti lanu mulibe woimbidwa mlandu, muli odwala. "Tebulo la madzi" nalonso si mpando kapena gome. Akatswiri amanena msinkhu umene madzi a pansi pa nthaka afika, pamene wokumba chitsime amayamba kuona matope akunyowa. Ndipo choopsa kwambiri ndi mawu akuti "lalitali". Wowerenga wathu akamva kutalika amaganiza kuti madziwo ali kutali, pansi penipeni, pomwe lipoti likunena zosiyana: madzi akwera, ali pafupi ndi pamwamba. Aliyense wodziwa Kanyama nthawi ya dzinja akudziwa zimenezi ndi maso. Dera lalikulu la Lusaka linakhala pa thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu, ndipo mvula ikalimba madzi a m'chimbudzi chokumba ndi a m'chitsime chosaya amakumana mosavuta. Phata la lipoti lonse lili pamenepo, ndiye chiganizo chikalitembenuza, masamba 18 onse apita pachabe.

Ine ndikanalemba chonchi: "Anthu 40 anapezeka ndi kolera atayezedwa, ndipo onsewa amakhala m'madera mmene madzi a pansi pa nthaka ali pafupi kwambiri ndi pamwamba." Koma taonani mawu akuti "onsewa". Ndawaika ine kuti chiganizo chiyende, ndipo ndiyenera kubwerera ku Chingerezi kukaona ngati chikunenadi kuti onse amakhala kumeneko. Ngati sichikunena, achoke. Wokonza amalakwitsa pamene akukometsa, kuposa pamene akuchotsa zolakwa zoonekeratu.

Tsopano chimene ndikufuna muchigwire ndi manja awiri. Mukazindikira kuti "milandu" ndi "odwala", mtima umathamangira ku Ctrl+H mu Word kuti musinthe malo onse kamodzi. Ndinachitapo zimenezi zaka zapitazo pa lipoti lina, ndipo m'mawa mwake ndinapeza tsamba ndi tsamba "odwala yatsopano inachuluka", "odwala imeneyi inatumizidwa". Zinandipweteka, chifukwa pepalalo linali litapita kale kwa eni ake. M'chiyankhulo chathu dzina limakoka chiganizo chonse. Milandu imayenda ndi "i" ndi "ya": yatsopano, inachuluka, imeneyi. Odwala amayenda ndi "a": atsopano, anachuluka, amenewa. Mukasintha dzina mwasintha mneni, mfotokozi, mlowam'malo, nthawi zina mpaka chiganizo chachitatu kutsogolo kumene dzinalo silinalembedwe n'komwe, kwangotsala "iyo". Choncho gwiritsani ntchito Ctrl+F, mupite pamalo alionse nokha, ndipo musachoke mpaka mutawerenga ndime yonseyo. N'chifukwa chakenso ndati mawu aukatswiri ayambe. Mukasalaza kaye ziganizo kenako n'kusintha mayina, muzisalazanso kachiwiri.

Mndandanda wanu wa mawu aukatswiriwa ukhale wa mizati itatu: mawu achingerezi, amene mwasankha, ndi tanthauzo lake m'mawu osavuta. Mawu amodzi akhale ndi mnzake mmodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Makina amasinthasintha, apa "oganiziridwa", apo "okayikiridwa", kwina "otheka", ndipo wowerenga amayesa ndi magulu atatu a anthu. M'malipoti a kolera magulu amene sayenera kusakanizika ndi awiri: oganiziridwa kuti ali ndi kolera chifukwa cha zizindikiro, ndi otsimikizidwa chimbudzi chawo chitayezedwa ku labu. Manambala awo sakhala ofanana.

Pa klorini samalani. Makina amakonda kulemba "zotsalira za klorini", zomwe zimamveka ngati nyansi zofunika kutaya. Komatu akunena klorini amene watsala m'madzi akugwirabe ntchito yopha tizilombo, ndipo kukhalapo kwake ndiye chinthu chabwino. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse amati akhale osachepera mamiligalamu 0.5 pa lita patatha mphindi 30 chithirireni. Onani kuti kadontho ka 0.5 sikanasowe, komanso kuti "osachepera" sanasanduke "osapitirira". Mawu awiriwa ndimawafufuza paokha m'lipoti lililonse, chala chili pa Chingerezi. Chimbudzi chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime. Mukalemba "osapitirira" mwauza anthu kuti akumbe pafupi.

Funsaninso abwana kuti amene adzawerenge lipotili ndani. Makina ambiri amatulutsa Chichewa cha ku Malawi: mjigo, kutsegula m'mimba, ntchito. Ku Chipata ndi ku Katete ambiri amva, koma ku George kapena ku Chawama ena adodoma pa mjigo, ndipo "kuthulula" afika nako msanga. Lipoti la boma silingalembedwe m'Chinyanja cha pa siteshoni ya mabasi, ayi, koma mawu oti owerenga sawadziwa muwafotokoze kamodzi pamene ayamba kuoneka. Kalembedwe nako n'kosiyana. Malamulo a kuno a mu 1977 amalemba "c" pamene a ku Malawi amalemba "ch", ndi "ch" pamene iwo amalemba "tch": cimbudzi, nchito. Sankhani kumodzi. Ndipo apanso musasinthe zonse kamodzi, mungaononge mayina a malo monga Chawama ndi Chilenje, amene amalembedwa choncho pa zikwangwani.

Zimenezi zikatha ndiye musalaze. Kumene makina ati "zinanenedwa kuti" kapena "kukhazikitsidwa kwa kutsukidwa kwa zitsime kunachitika", funsani kuti anachita ndani, mumuike patsogolo: "Ogwira ntchito zaumoyo anatsuka zitsime." Chiganizo cha mizere isanu chidulidwe pawiri kapena patatu. Ndime imene mukuona kuti mukusintha mawu oposa theka, ifufuteni yonse mulembe nokha kuchokera ku Chingerezi, n'kwachangu kuposa kusoka zigamba. Yatsani Track Changes, imene imaonetsa chilichonse chimene mwasintha mu Word, kuyambira pachiyambi kuti abwana aone kukula kwa ntchito, ndipo muwauze lero lomwe kuti masamba 18 otere si a madzulo amodzi. Ine ndikanapempha masiku anayi kapena asanu.

Tsiku lomaliza musindikize masamba atatu okhala ndi manambala ambiri, mupite nawo kwa namwino kapena wodzipereka wa zaumoyo wa m'dera lanu, makamaka amene anagwirako ntchito pa mliri wa 2023 mpaka 2024, uja odwala ankagonekedwa ku bwalo lamasewera la Heroes. Musamuonetse Chingerezi. Muwerengereni mokweza chiganizo cha madzi a pansi pa nthaka chija, kenako mumufunse kuti madziwo ali pafupi kapena ali kutali. Akazengereza kuyankha, chilembeninso.