Foni yowawitsa maso magetsi akazima

"Chigulireni foni ya sikirini ya OLED, ndikamawerenga usiku magetsi atazima kuno ku Mufakose maso amandiwawa ndipo mutu umalemera, koma masana sindimva kanthu. Kodi ndiigulitse?"

Achemwali, musafulumire kuigulitsa, chifukwa ndikukayikira njira yochepetsera kuwala yotchedwa PWM. Sikirini yotere sichepetsa kuwala monga imachitira nyali ya palafini mukatsitsa chingwe, koma imayaka ndi kuzima mofulumira kwambiri, pa mafoni ambiri ka 240 kapena ka 480 pa sekondi imodzi. Kuwala kukakhala pamwamba, monga masana, nthawi yozima imakhala yaifupi. Mukakutsitsa mumdima, nthawi yozimayo imatalika, ndipo ngakhale diso siliona kuphethirako, anthu ena amakumva ngati kuwawa kwa maso, mutu kapena chizungulire.

Yambani mwatsimikiza kaye. Tsegulani tsamba loyera, tsitsani kuwala monga mumachitira usiku, kenaka bwerekani foni ina yomwe kamera yake ili ndi gawo la Pro, lomwe limakulolani kusintha nokha kajambulidwe, muike liwiro lojambulira pa 1/4000 ndi kuiloza pa sikirini yanu. Mukaona mizere yakuda ikuluikulu ikuyenda, kwezani kuwala pang'onopang'ono uku mukuyang'ana, ndipo pamene mizereyo yayamba kuonda, pamenepo ndiye malire anu, musamatsike kupyola apo.

Tsono kuwala kotere mumdima kumathobwa m'maso, n'chifukwa chake muyenera kukuchepetsa mwa njira ina. Zimitsani kaye Adaptive brightness kuti foni isamadzitsitsire yokha, siyani kuwala pamalire aja, kenaka muyatse Extra dim, yomwe imapezeka mu Accessibility kuyambira pa Android 12. Pa iPhone chofanana nacho ndi Reduce White Point, mu Accessibility, pansi pa Display & Text Size. Zimenezi zimadetsa chithunzi chenichenicho, ndipo pa mafoni ambiri sizitalikitsa nthawi yozima, koma mujambulenso ndi kamera ija kuti muone ngati zatheka pa yanu. Ngati foni yanu ili ndi DC dimming kapena Anti-flicker, yomwe imachepetsa kuphethira kwa sikirini, iyatseni, ngakhale mitundu imatha kuoneka yothimbirira kuwala kukatsika kwambiri. Ine ndimayatsanso kanyali ka sola pambali, pakuti m'chipinda mukawala pang'ono sikirini siithobwanso.

Pa kompyuta kuyesa n'kosavuta: gwedezani pensulo mofulumira patsogolo pa tsamba loyera, ndipo ikaoneka ngati mapensulo angapo olekanalekana, sikiriniyo ikuphethira. Pogula ina funani yolembedwa Flicker-Free.

Yesani zimenezi kwa sabata imodzi. Zikakanika, sinthani ndi foni ya sikirini ya LCD, popeza ambiri a mtunduwu saphethira motere, koma muiyese ndi kamera m'sitolo momwemo musanalipire. Mutu ukapitirira kupweteka ngakhale simunagwire foni, kapimitseni maso kuchipatala.