Kalata ya mwana wopita kusukulu ku Mangalande: ndilembemo chiyani?

"Ndine mayi wa ku Chilomoni. Mwana wanga wamkazi wapeza malo pa yunivesite ina ku Mangalande, ndipo anyamuka mu Seputembala. Fizi tizilipira tokha ndi bambo ake. Ndikufuna kumulembera kalata yoti azikaiwerenga kumeneko, makamaka pa nkhani ya ndalama ndi chitetezo chake. Ndilembemo chiyani?"

Mayi, za kupemphera ndi kulimbikira sukulu mukuzidziwa kuposa ine, ndiye sindizikhudza. Langizo langa ndi lakuti nkhani ya ndalama ndi ya chitetezo musazilekanitse, chifukwa mtsikana amagwa m'mavuto nthawi imene m'thumba mwauma, lendi yakwana, kwinaku akuchita manyazi kukuuzani. Kalatayo imuuze chochita pa sabata yoteroyo.

Yambani ndi kumuuza zoona za kwacha. Mu Novembala 2023 ndalama yathu inagwa ndi 44 peresenti: dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700. Banja limene linasunga K5 miliyoni likuwerengera madola 4,200 linadzuka litatsala ndi madola osakwana 3,000, chonsecho palibe amene waba tambala. Pamwamba pa zimenezo, ndalama zakunja zimasowa m'mabanki. Mutha kupita ku nthambi yanu m'tauni ndi kalata ya yunivesite yoonetsa fizi, kusaina mapepala onse, kwacha ili mu akaunti, koma n'kudikira masabata mapaundi asanatuluke. Choncho pempho la fizi muzilipereka mukangolandira kalatayo, ngakhale tsiku lolipira likadali miyezi iwiri kutsogolo. Ndipo mwanayo mulembereni mosabisa, motere:

"Mwana wanga, tizikutumizira ndalama ya lendi ndi chakudya pa 25 mwezi uliwonse. Miyezi ina idzachedwa, osati chifukwa takuiwala, koma banki. Ndalama ya lendi ya mwezi umodzi imene takupatsa padera ija usaigwire pokhapokha zitatero. Ukaona kuti tsiku la fizi layandikira ife tili zii, pita wekha ku ofesi ya zachuma ya pasukulu tsikulo lisanakwane, ukawaonetse umboni woti tinapempha kale kubanki, ndipo upemphe kulipira pang'onopang'ono. Ufunsenso za thumba lothandiza ophunzira amene avutika mwadzidzidzi."

Ndikulimbikira zopita msanga ku ofesi chifukwa viza ya mwana wanu yamangirira pa yunivesiteyo. Akamuchotsa m'kaundula chifukwa cha ngongole ya fizi, sukulu imadziwitsa boma, ndipo kawirikawiri amangopatsidwa masiku 60 kuti apeze sukulu ina kapena atuluke m'dzikomo. Wobisala amamuyesa wozemba, pamene wodzionetsa yekha amamumvera.

Tsopano pali chinthu chimene ndikufuna mukhalepo nthawi, chifukwa msamphawu umatha kutcheredwa ndi makolo enieniwo mosadziwa. Banki ikachedwa, pamapezeka munthu ku Limbe kapena kutchalitchi komwe wonena kuti, "Ndipatseni kwacha kuno, m'bale wanga ali kumeneko amuikira mwana wanu mapaundi lero lomwe." Mapaundi 800 amalowadi mu akaunti ya mwana, ochokera kwa munthu amene iye sakumudziwa ngakhale dzina. Ngati ndalamayo inaberedwa kwa munthu wina, wobedwayo akadandaula, banki imalondola kumene inafikira, ndipo inafikira kwa mwana wanu. Tsiku lina akupereka khadi m'sitolo, makina akukana. Kuimba kubanki, akumuuza kuti akaunti yayimitsidwa, abweretse umboni wa kumene ndalama inachokera. Umboniwo alibe, inunso mulibe lisiti, ndipo kuno kwathu kusinthitsa ndalama zakunja mwa njira imeneyi n'kuphwanya lamulo.

Msampha womwewu umabweranso kudzera kwa anzake. Wina, mwina Mmalawi mnzake kapena mnyamata amene wayamba kumukomera mtima, amuuza kuti akaunti yake yavuta, alandirire mapaundi 2,000 kwa iye, atumize 1,800 kwina, 200 ikhale yake. Ku Mangalande uku ndi kuthandiza kubisa ndalama zakuba, mlandu umene chilango chake chimafika zaka 14 m'ndende. Ngakhale osafika kukhoti, dzina lake limatha kulembedwa m'kaundula amene mabanki amaonerana kwa zaka zofika 6, moti kutsegula akaunti ina kumakhala kovuta. Popanda akaunti alandirira pati malipiro, alipira bwanji lendi? M'kalatamo lembani chonchi:

"Akaunti yako ndi ya iwe wekha. Ndalama iliyonse yolowamo uzidziwa mwini wake ndi chifukwa chake. Ikalowa yosadziwika, usaitumize kwina ngakhale wina akuimbire akulira kuti analakwitsa nambala. Imbira banki pa nambala imene ili kuseri kwa khadi, iwowo ndiwo aibweze. Ifenso tikulonjeza kuti sitidzakutumizira ndalama kudzera mwa munthu wapanjira."

Za ganyu muuzeni malire. Wophunzira digiri amaloledwa kugwira ntchito maola osaposa 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndipo sabata amaiwerenga kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu. Sangagwire maola 30 sabata ino n'kudzagwira 10 yamawa kuti zifanane, ayi. Akakhala ndi ntchito ziwiri, maola ake amaphatikizidwa. Kuchita bizinesi yakeyake n'koletsedwanso, choncho zoluka anthu tsitsi kuchipinda n'kumalipiritsa, zimene kuno sitiziona ngati nkhani, zingamuonongere viza. Bwana wonena kuti maola owonjezera azimulipira pamanja mobisa wapeza chingwe chomugwirira, pakuti tsiku limene adzakane kumulipira kapena kuyamba kumugwiragwira, mtsikanayo adzaopa kukanena. Ndipo ine ndikupemphani inu makolo, chaka choyamba musamufunse ndalama ya maliro kapena ya fizi ya mng'ono wake. Ana ambiri amadumpha malire a maolawa pofuna kukondweretsa kumudzi.

Pa za nyumba, chaka choyamba akhale m'nyumba za yunivesite ngati n'kotheka. Akadzafuna ya lendi, asalipire dipoziti pa chipinda chimene wangochiona pa zithunzi. Lamulo la kumeneko silimulola landilodi kutenga dipoziti yoposa lendi ya masabata asanu pa nyumba wamba, ndipo ayenera kuisungitsa ku bungwe lovomerezeka ndi boma pasanathe masiku 30, n'kumupatsa umboni. Lamulo losungitsa dipoziti ku bungweli siligwira ntchito akamakhala nyumba imodzi ndi mwini nyumbayo, ndiye pamenepo asamale kawiri.

Pasipoti asapatse munthu kuti amusungire, kaya ndi bwana, landilodi kapena chibwenzi. Aijambule, chithunzi china chitsale ndi inu, ndipo ikatayika akanene kupolisi ndi ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku London. Pa Chileka pomwe, asalandire phukusi la munthu limene sanalitsegule yekha, ngakhale alitchule kuti ndi ufa kapena usipa wa m'bale.

Kumapeto kwa kalata lembani manambala ndi dzanja lanu. Pangozi aimbe 999, ndi yaulere. Ngati ali ndi munthu woopsa moti sangayankhule, aimbebe pa foni ya m'manja, amvetsere, ndipo akauzidwa adine 55 kuti amulumikize ndi apolisi. Akadwala koma osati mwakayakaya aimbe 111. Mugwirizanenso mawu amodzi achinsinsi a pabanja panu, kuti tsiku limene mudzalandire uthenga wa pa nambala yachilendo woti "Amayi, foni yanga yatayika, tumizani ndalama msanga," mudzayambe mwafunsa mawuwo musanathamangire kwa ejenti.